A Enos pa Nambala Seveni

M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, Hannah Mhone ankatenga foni yake n'kukaiyedzamiritsa pachitini chakale cha mkaka pazenera la khitchini. M'nyumba yonseyo netiweki inkafika pamenepo pokha, ndipo foni ikangosuntha pang'ono inkathawa. Ankayatsa data n'kutuluka kukasesa pabwalo, khutu lili kuzenera. Mwamuna wake, Griffin, amene ankalandira alendo pa loji ina cha ku Makuzi, ankanena kuti chitinicho ndiye bwana wa panyumbapo, chifukwa chinkapatsidwa moni iye asanapatsidwe.

Hannah anabadwira kufupi ndi Bandawe, m'banja la mkulu wa mpingo. Ntchito yake inali yaukhondo ndi kupewa matenda pachipatala china ku Chintheche: kuyendera zitsime, zimbudzi za m'masukulu ndi malo ogulitsira nsomba. Anthu ankamudziwa ndi nsapato zake za jombo ndi ambulera yakuda. Atakula kale, ali ndi mwana mmodzi dzina lake Mwayi, anapita ku Mzuzu kukawonjezera maphunziro. Kafukufuku wake anali wa likodzo pakati pa amayi amene amaviika chinangwa m'zithaphwi ndi m'timitsinje totsikira kunyanja. Amayiwo amaima m'madzi mpaka m'mawondo, kuvuula chinangwa cha kondowole, m'madzi momwemo muli nkhono zofalitsa matendawa.

Mphunzitsi wake, Dokotala Jones Kamanga, anati ntchitoyo siyoyenera kugona m'kabati. Anaifupikitsa limodzi n'kuitumiza ku magazini ina ya akatswiri a zaumoyo, ya kunja kwa dziko lino. Dzina la Hannah linali patsogolo, ndipo adokotalawo anamuika kukhala wolemberana ndi mkonzi, amvekere aphunzire.

Yankho linabwera m'nyengo ya mango, foni ili pachitini. Mkonzi anati pepalalo likhoza kusindikizidwa ngati atakonza zimene akatswiri awiri oliunika ananena, ndipo anapereka tsiku lomaliza, Lachisanu lina. Tsikulo likadutsa, pepalalo likanayambiranso pamzere ngati latsopano. Hannah anakonza matebulo, anawonjezera zimene anapemphedwa, n'kuyankha mfundo iliyonse. Inatsala mfundo imodzi, yomaliza ya wounika wachiwiri, yaifupi ngati munga: marefarensi ena sakutsata malangizo a olemba. Sanatchule kuti ati.

Marefarensi ndi mndandanda wa kumapeto kwa pepala, wa mabuku ndi zolemba zimene wolemba watengako mfundo. Magaziniyo inkafuna kalembedwe kotchedwa Vancouver: chilichonse chimapatsidwa nambala malinga ndi pamene chatchulidwa koyamba m'nkhani, ndipo nambalayo imaima pafupi ndi mfundo yake. Izi Hannah ankazidziwa, ndipo manambala ake anawalemba yekha pamanja, chifukwa pulogalamu yothandiza pa zimenezi inkaumitsa laputopu yake yokalamba. Chimene sankadziwa n'chakuti malangizo enieni ndi ati, pakuti anali nawo awiri.

Oyamba anali chikalata chimene adokotala anamutumizira pa WhatsApp chaka chatha. Chinkati manambala akhale ang'onoang'ono, okwera pamwamba pa mzere, ndipo olemba akachuluka atchulidwe atatu okha. Achiwiri anali patsamba la magaziniyo pa intaneti. Awa ankati manambala akhale m'mabulaketi, ndipo olemba atchulidwe mpaka asanu ndi mmodzi. Anatsegula mapepala amene magaziniyo inasindikiza kale kuti aone amene akunama, koma anapeza ena ali chonchi, ena ali chonchija. Kenako, m'munsi mwa tsamba la pa intanetilo, anaona mzere wina. Unkati zimene munthu wangokuuza pakamwa zisaikidwe pamndandanda.

Pa nambala seveni panali a Enos Chirwa.

A Enos anali nkhalamba ya mumpingo wa bambo ake, ndipo anagwirapo ntchito yazaumoyo Hannah asanabadwe. Ndi iwo amene anamuuza kuti kalekale kunali gulu lolambula udzu ndi kupha nkhono m'timitsinje timeneti, ndi kuti ntchitoyo inadzalekeka. Hannah anafunafuna malipoti a nthawi imeneyo koma sanapeze ngakhale tsamba. Mfundoyo inali msana wa chiyambi cha pepala lake, ndipo mwini mfundo anali munthu wamoyo, wokhala pakhonde. Kwawo munthu amene wakupatsa chinthu umamutchula pagulu, monga amachitira powerenga mayina a othandiza pamaliro. Choncho anawaika pamndandanda, pakati pa anthu a ku Geneva ndi a ku London, nalemba dzina lawo, Bandawe, ndi chaka chimene anacheza.

Cholakwa chachiwiri chinali chakuti anakawaonetsa. A Enos anavala magalasi, nayendetsa chala mpaka pa nambala yawo. Lamlungu lotsatira mpingo wonse unali utamva. Akuluakulu anzawo anayamba kuwaitana m'Chitonga kuti Ada Seveni, ndiye kuti Bambo Seveni, ndipo iwo ankayankha. Akamuona Hannah pamsewu ankakweza ndodo n'kufunsa m'Chitonga ngati buku lija latuluka, chifukwa maso awo sakudikira.

Hannah anaika malangizo awiriwo pambali ndi pambali. Chikalata cha adokotala sichinkanena kanthu za mawu a pakamwa. Chikakhala cholondola ndi chimenecho, a Enos akhala pamalo pawo. Likakhala tsamba la pa intaneti, a Enos atuluka, ndipo eyiti asanduka seveni, naini asanduka eyiti, mpaka kumapeto, m'nkhani monse ndi m'matebulo momwe.

Mwachizolowezi cha kwawo, sanapite yekha kwa wamkulu. Anayamba wadzera kwa adokotala, nawalembera uthenga wautali pa WhatsApp. Iwo anali kumsonkhano ku Salima. Anayankha ndi chithunzi cha chala chachikulu choloza kumwamba. Hannah anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Kodi chikuvomera malangizo oyamba, kapena achiwiri, kapena chikungoti uthenga wafika? Atafunsanso, anangoyankha kuti afunse mkonzi, ndiye ntchito yake.

Imelo ya kwa mkonzi anailemba madzulo a Lolemba la sabata lomalizalo, dzuwa lisanalowe, laputopu ili pampando wapakhonde. Anailemba m'Chingerezi, koma inayenda ngati makalata amene bambo ake ankalembera abusa. Anayamba ndi moni, nafunira mkonzi moyo wabwino pamodzi ndi banja ndi onse ogwira nawo ntchito. Anathokoza chifukwa cha mwayi, anathokoza ounika awiriwo payekhapayekha, napepesa chifukwa chosokoneza munthu wotanganidwa. Anafotokoza kuti ndi koyamba kulemba, ndi kuti netiweki kuno ndi yovuta. Pomalizira penipeni anapempha modzichepetsa kuti, ngati nthawi ilola, amuthandize kudziwa ngati marefarensi ake ali bwino. Za malangizo awiri sanatchule, poopa kuoneka ngati akuloza mkonzi chala kuti nyumba yake ndi yosasesa. Za nambala seveni sanatchulenso. Anaganiza kuti mwina akapanda kuiloza, palibe adzaione.

Griffin atafika, malaya a kuntchito ali paphewa, anawerenga ataimirira.

“Mayi a Mwayi, mukufunsira mbeta kapena mukufunsa funso?”

“Ndi ulemu.”

“Ine ndawerenga mpaka apa, ndadziwa kuti mkonzi ali bwino, ana ake ali bwino. Chimene mukufuna sindinachione.”

Hannah anati iye wazolowera azungu a kuloji amene amalemba mawu awiri, kufunsa chipinda ndi mtengo, osapereka ndi moni womwe, ngati akulankhula ndi khoma. Griffin anati khomalo limawayankha msanga. Anakangana pang'ono ngati mkonzi ndi Pulofesa kapena Dokotala, bambo kapena mayi, popeza patsamba panali zilembo ziwiri ndi dzina la makolo lachilendo. Hannah analemba maudindo onse awiri kuti asalakwe. Anaika foni pachitini, nalumikiza laputopu, n'kutumiza.

Asanachotse n'komwe dzanja, yankho linalowa. Analitsegula msanga. Koma anali makina chabe, othokoza chifukwa cha uthenga ndi kulonjeza kuti ofesi iyankha m'masiku ochepa a ntchito. Hannah anafuna kuyankha kuti zikomo, Griffin n'kumugwira mkono.

Lachiwiri anapita kukayendera chitsime china cha kumtunda, ndipo mayi wina atamufunsa za mankhwala othira m'madzi anamuyankha mosokonekera, mpaka mayiyo anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Pobwerera anaona a Enos patali, atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo. Anatsitsa ambulera kubisa nkhope n'kudzera njira ya kuseri, ya m'minda ya chinangwa. Anafika kunyumba jombo zili matope.

Yankho la munthu linabwera Lachitatu m'mawa, ali pakati posesa. Linachokera kwa wothandiza mu ofesi ya mkonzi. Linali laulemu koma lalifupi. Linkati chonde atsate malangizo a olemba, ndipo polemba kalata ina iliyonse aike nambala ya pepala lake pamutu wa imelo, chifukwa popanda nambalayo sangadziwe pepala limene akunena.

Hannah anakhala pansi pakhomo la khitchini, tsache lili pamiyendo. Anafunsa njira, n'kuuzidwa kuti atsate njira. Anawerenganso imelo yake ija ndipo anaona kuti m'moni monsemo sanatchule ngakhale mutu wa pepala. Anayesa kudziuza kuti yankholi ndi chilolezo: atsate malangizo, ndiye atsata amene ali nawo, a adokotala. Koma anadziwa kuti pepala likalowa, ofesi imayamba yaliyang'ana kalembedwe lisanafike kwa mkonzi, ndipo ikhoza kulibweza. Anayesa kuganiza zochotsa a Enos mwakachetechete, n'kusiya mfundo yawo ili yokha yopanda mwini. Nkhalambayo siwerenga magazini a pa intaneti. Koma tsiku lina idzapempha kuona, idzavala magalasi, n'kuyendetsa chala mpaka pa seveni.

Tsiku limenelo anapempha kuweruka msanga. Anakwera kabaza mpaka kuloji kumene Griffin ankagwira ntchito, chifukwa kumeneko intaneti siinkafuna chitini. Anakhala pakampando kuseri kwa kauntala, pakati pa makiyi a zipinda ndi mabuku osiyidwa ndi alendo.

“Lero ndilembe bwanji?” anafunsa, osamuyang'ana.

“Ngati mukufunsa mtengo wa usipa. Moni kamodzi, kenako funso.”

“Ndipo a Enos?”

“Atchuleni. Mukawabisa, mudzawabisa mpaka liti? Dzulo mwabwera ndi matope a m'munda mwa eni ake.”

Anaika nambala ya pepala pamutu wa imelo. Anapereka moni wa mzere umodzi, ndipo dzanja linamuyabwa kuti awonjezere. Analemba kuti ali ndi malangizo awiri osiyana, naika chikalata chakale chija ndi adiresi ya tsamba la pa intaneti, n'kufunsa kuti atsate ati. Anakopera marefarensi ake atatu monga chitsanzo, lina la m'magazini, lina la buku, lina la lipoti la boma, n'kufunsa ngati kalembedwe kake kakukwanira. Kenako anaima. Anafufuta ndi kulembanso chiganizo chomaliza kangapo. Pomaliza chinati nambala seveni ndi mawu a pakamwa a munthu amene anagwira ntchitoyo, zolembedwa za nthawi imeneyo sizikupezeka, ndipo iye sakufuna kugwiritsa ntchito mfundoyo popanda kutchula mwini wake; achite bwanji?

Griffin anawerenga n'kunena kuti tsopano ngakhale iye akhoza kuyankha. Hannah anati imeloyo ikuoneka ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni osanena odi. Anatumiza maso ali kumbali.

Lachinayi m'mawa chitini sichinabweretse kanthu. Masana, ali pamsika wa nsomba kukangana ndi ogulitsa za madzi otsukira, foni inanjenjemera m'thumba. Anapita kuseri kwa benchi n'kuwerenga ambulera ili m'khwapa. Ulendo uno analemba mkonzi mwini, ndipo anasaina ndi dzina loyamba lokha, moti Hannah sanadziwebe ngati ndi bambo kapena mayi. Anati chikalata chija n'chakale, atsate tsamba la pa intaneti: manambala m'mabulaketi, olemba mpaka asanu ndi mmodzi. Zitsanzo zake zinali bwino, kungoti dzina la magazini lifupikitsidwe monga mwa lamulo. Nambala seveni ichoke pamndandanda. Dzina la munthuyo ndi chaka zilembedwe m'nkhani momwemo, pafupi ndi mfundo yake, ndi mawu osonyeza kuti zinanenedwa pakamwa. Koma munthuyo asaine kalata yovomera kutchulidwa ndi yotsimikiza kuti mawuwo ndi olondola, ndipo kalatayo itumizidwe pamodzi ndi pepala. Za tsiku lomaliza sananene kanthu, ndiye kuti linali mawa lomwelo.

Hannah anawerenga kawiri. Sanadziwe ngati wapambana kapena wagonja. A Enos achoka, koma sachoka. Nambala yawo ipita kwa wina. Ndipo kuti zimenezi zitheke, ayenera kupita yekha kukawauza, ndi kuwapempha kuti asainire kuchotsedwa kwawo. Anasindikiza kalatayo pa sitolo ya mafotokope, pamodzi ndi tsamba limene panali chiganizo chatsopano. Madzulo ake anayamba kusintha manambala okwera pamwamba kukhala a m'mabulaketi, koma atafika pa seveni anatseka laputopu.

M'mawa mwake chitini chinakhala chokha pazenera, ndipo pabwalo sipanasesedwe. Hannah anamanga chitenje pamwamba pa yunifomu, natenga paketi ya shuga, n'kuyenda njira ya ku Bandawe, yodutsa pasitolo, osati ya m'minda. Anapeza a Enos pakhonde akumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Anagwada, napereka moni wonse umene anamumana mkonzi: za thupi, za maso, za adzukulu, za mvula yochedwa. Kenako anafotokoza. Anayamba ndi malangizo awiri, nasokonezeka, nabwerera, natchula mabulaketi, ndipo anaona kuti nkhalambayo yasiya kutafuna.

“NyaMhone, nena bwino. Andichotsa?”

“Pamndandanda akuchotsani, ada. Koma mwalowa m'kati, m'nkhani mwenimwenimo.”

“Ndiye andikweza?”

“Sindikudziwa, ada.”

A Enos anavala magalasi. Anayendetsa chala pa tsambalo mpaka anapeza dzina lawo, lili pakati pa chiganizo, lopanda nambala. Anawerenga chiganizocho motulutsa mawu, m'Chingerezi cha kumishoni, nagwedeza mutu kuti n'zimene ananena. Kenako anafunsa amene akhale pa seveni tsopano. Hannah anati ndi lipoti lina la anthu asanu ndi mmodzi, ndi anzawo ena osatchulidwa.

“Onsewo mpando umodzi? Ine ndinkakhalapo ndekha.”

A Enos anayang'ana kumsewu. Anati vuto ndi akuluakulu anzawo, amene dzina lija analizolowera kale. Iwo sadzamva za mabulaketi, adzangoti Enos anamuthamangitsa. Hannah anati akhoza kudzafotokoza yekha Lamlungu pakutha pa mapemphero. A Enos anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti akafotokoza monga wafotokozera pano, mpingo udzabalalika. Anapempha cholembera. Anasaina pang'onopang'ono, dzina lonse, ndi mchira wopindika kumapeto, nalemba tsiku. Tsamba lija lokhala ndi dzina lawo sanabweze. Analipinda n'kuliika m'thumba la malaya.

“Yewu, ada,” anathokoza Hannah.

“Pita, usachedwe. Koma uwauze asanu ndi mmodziwo kuti mpandowo ndi wanga, ndangowabwereka.”

Hannah anajambula kalatayo ndi foni ali pabwalo pomwepo, dzuwa lisanafike pamapepala. Anakwera kabaza wa ku Makuzi, laputopu ili pamsana, ndipo njira yonse milomo yake inkayenda: eyiti akhala seveni, naini akhala eyiti, teni akhala naini. Atafika pamlatho anasokoneza, n'kuyambiranso.